Vitz kapena Aqua? Tiyeni tiwerengere ndalama zonse za zaka 5 pa tebulo limodzi

Mafuta akangokwera basi nkhani imakhala yomweyo, aliyense amayamba kunena kuti gulani haibulidi, galimoto za petulo yekha zatha ntchito. Ndiye pamabwera wina n'kunena kuti ayi musayerekeze, haibulidi batire lake likafa mudzalira. Onse awiri akunena zoona ndithu koma aliyense wagwira mbali imodzi, ndipo munthu amene ali ndi ndalama m'manja akufuna kugula amangotsala wosokonezeka. Njira yothetsera mkanganowu ilipo ndipo si yovuta, n'kuwerengera ndalama zonse zomwe galimotoyo idzakudyereni kuyambira tsiku logula mpaka tsiku logulitsa, osati mtengo wogulira wokha ayi.

Apa titenga galimoto ziwiri zomwe zadzaza m'misewu yathu, Toyota Vitz ya petulo yekha ya injini yaing'ono ya 1.0 ndi Toyota Aqua yomwe ndi haibulidi, yoyendera petulo ndi magetsi, zonse za 2017, tiziike pa tebulo kwa zaka 5. Ndinene msanga kuti mitengo yomwe ndaikamo ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya pa msika ya lero, inu mudzafufute n'kuikamo yanu. Chofunika kutengapo ndi kawerengedwe kake.

Mtengo wonse ndi chiyani kwenikweni

Mtengo wonse wokhala ndi galimoto ndi ndalama zonse zotuluka m'thumba chifukwa cha galimotoyo, kuchotsapo ndalama yomwe idzabwerere mukadzaigulitsa. Basi. Zili ngati mbaula ya makala ndi chitofu cha gasi, mbaula ndi yotchipa kugula koma thumba la makala mumagula mwezi ndi mwezi, ndiye kuti mudziwe chotchipa zenizeni muyenera kudziwa kuti pakhomo panu mumaphika kangati pa tsiku. Galimoto nayo ndi chimodzimodzi, funso lalikulu ndi lakuti mumayenda mtunda wautali bwanji.

Ndalamazi zili m'magulu awiri ndipo kuzisiyanitsa ndiye theka la ntchito yonse. Pali zina zomwe zimatuluka ngakhale galimoto itangokhala pansi pa mtengo wa mango chaka chonse, monga inshuwalansi, COF, komanso kutsika kwa mtengo wake pomwe ikukalamba. Ndiye pali zina zomwe zimatuluka pokhapokha matayala akuzungulira, mafuta, sevisi, matayala omwewo, mashoka ndi mabushi. Haibulidi imakhala yolemera ku gulu loyamba n'kupepuka ku gulu lachiwiri, pomwe galimoto yotchipa ya petulo zake zimatembenuka. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kugula Aqua yofanana, wina n'kupindula wina n'kuluza, ndipo palibe amene akunama.

Galimoto ziwirizi mwachidule

Vitz yomwe tikunena ndi ija ya masilinda atatu, injini yake imatchedwa 1KR-FE, giyabokosi yake ndi CVT, kutanthauza yopanda magiya odumphadumpha, imagwiritsa ntchito lamba wachitsulo. Aqua inayamba kugulitsidwa ku Japan kumapeto kwa 2011, ili ndi injini ya 1.5 yothandizana ndi mota ya magetsi, ndipo batire lake lalikulu limakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Siifuna kutchajidwa pa soketi, imadzitchaja yokha injini ikamayenda komanso mukamaponda buleki, ndiye nkhani ya kuzima kwa magetsi a ESCOM siikuikhudza. Zonse ziwiri injini zake ndi za tcheni osati lamba wa tayimingi, ndiye mzere umenewo pa tebulo palibe.

Kudzaza tebulo mzere ndi mzere

Mzere woyamba ndi mtengo wogulira, koma samalani, si mtengo womwe mwaona pa intaneti m'madola uja. Ngati mukuitanitsa nokha kuchokera ku Japan, mtengo wake ndi ndalama zonse mpaka galimoto itaima pakhomo ili ndi nambala, kutanthauza mtengo wa galimoto ndi sitima mpaka pa doko la Dar es Salaam, zolipira pa doko, wokuchotserani katundu, dalaivala ndi mafuta mpaka pa Songwe, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, komanso sevisi yoyamba chifukwa simudziwa kuti oyilo anasinthidwa liti. Msonkho umayendera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye musaganize kuti ukhala wofanana pa galimoto ziwirizi, funsani wa kiliyaringi akupatseni chiwerengero cha iliyonse payokha musanatumize ndalama. Ndipo madolawo muwerengere pa mtengo womwe mudzawapezere zenizeni, osati womwe mukulakalaka. Mu chitsanzo chathu tinene kuti Vitz yafika pa K20 miliyoni, Aqua pa K26 miliyoni.

Mzere wachiwiri ndi mafuta ndipo apa m'pamene anthu ambiri amadzinamiza. M'mabuku a kampani Aqua inalembedwa kuti imayenda makilomita oposa 35 pa lita, koma zimenezo ndi za kumalo oyesera ku Japan, msewu wosalala, opanda mahampu, opanda matumba a chimanga ku buti, eyakoni osayatsa. Pa msewu weniweni chiwerengero chimatsika kwambiri. Njira yodalirika ndi kupeza munthu yemwe ali nayo kale galimotoyo, adzaze thanki mpaka pampu idzidule yokha, alembe mayileji, ayende masiku angapo monga amayendera, adzazenso, ndiye makilomita omwe wayenda muwagawe ndi malita omwe alowa kachiwiriko. Ife titenga makilomita 15 pa lita kwa Vitz ndi 20 kwa Aqua, ndaikako mosamala dala. Mtunda tinene makilomita 15,000 pa chaka, omwe ndi pafupifupi 40 pa tsiku, munthu wopita kuntchito, kukatenga ana kusukulu, tchalitchi Lamlungu ndi ulendo wakumudzi mwa apo ndi apo. Pa zaka 5 ndi makilomita 75,000. Vitz imwa malita 5,000, Aqua malita 3,750. Petulo tiike pa K5,000 pa lita kuti kuchulukitsa kupepuke, inu mudzaike mtengo womwe MERA yalengeza tsiku lomwe mukuwerengalo. Ndiye Vitz K25 miliyoni, Aqua K18.75 miliyoni. Taonani kuti mafuta a Vitz a zaka 5 aposa mtengo wa galimoto yomwe, anthu ambiri akaona izi koyamba amabwereza kuwerenga.

Sevisi tiwerengere pa makilomita 5,000 aliwonse monga amachitira ambiri kuno chifukwa cha fumbi, ndiye pa 75,000 ndi maulendo 15 opita kwa makaniko. Aqua imafuna oyilo wopyapyala uja wa 0W-20 chifukwa injini yake imazima n'kudzuka pafupipafupi, ndipo amakhala wokwererapo mtengo, ndiye ndaika K140,000 pa sevisi pomwe Vitz K120,000. Matayala ndaika maseti awiri pa galimoto iliyonse, Aqua zambiri zimabwera ndi marimu a 15 pomwe Vitz yaing'onoyi a 14, kusiyana kwake n'kochepa koma kulipo.

Inshuwalansi ya thedi pate, ija yolipira munthu yemwe mwamugunda osati galimoto yanu, ndi yokakamiza mwalamulo ndipo siisiyana kwenikweni pa galimoto ziwirizi. Koma ngati mukufuna yokwanira yolipiranso galimoto yanu ikaphwanyika kapena kubedwa, imawerengeredwa pa mtengo wa galimoto, ndiye yodula imalipira zambiri chaka chilichonse. Ndayerekeza 5 peresenti pa chaka, n'kuiwerengera pa mtengo wapakati pa wogulira ndi wodzagulitsira, K16 miliyoni kwa Vitz ndi K20 miliyoni kwa Aqua. Itanitsani makoteshoni enieni ku makampani awiri kapena atatu, n'zaulere.

COF ndi mapepala ena n'zofanana, ndangoziika kuti chiwerengero chonse chikhale choona. Tologeti ya pa Chingeni kapena Kalinyeke, kutsukitsa ndi kupakira sindinaziike n'komwe chifukwa galimoto zonse ziwiri zimalipira mofanana, sizisintha yankho.

Zokonzakonza ndi batire lija

Misewu yathu siisankha kuti iyi ndi haibulidi, mashoka, mabushi ndi mabojointi zimatha pa zonse. Kusiyana kuli pakuti Aqua ilibe sitata ndi alitaneta monga tizidziwira, ilibenso lamba wa fani, ndipo mapadi a buleki amakhalitsa chifukwa nthawi zambiri mota ndiyo imachepetsa liwiro. Vitz nayo ili ndi zake, injini ya masilinda atatu imanjenjemera ndiye mamaunteni amatopa, komanso oyilo wa CVT amafuna kusinthidwa ndi woyenera weniweni, mukathira wa giyabokosi wamba mwaipha. Ndaika K2.5 miliyoni kwa Vitz ndi K2.2 miliyoni kwa Aqua.

Tsopano batire lalikulu. Galimoto ya 2017 mukaisunga zaka zina 5 batire lake lidzakhala litapitirira zaka 10, ndipo kutentha ndiye mdani wake wamkulu. Lili ndi kafani kake kokoka mpweya kuchokera mkati mwa galimoto chapansi pa mpando wakumbuyo, ndiye fumbi likatseka kasefa kapena wina akatsekapo ndi chikwama ulendo wonse, batire limapsa pang'onopang'ono osadziwa. Zizindikiro zake n'zakuti geji ya batire pa dashibodi imadzadza msanga n'kutsikanso msanga, injini imakana kuzima ngakhale mwaima pa maloboti, fani ija imamveka kulira mwamphamvu kumbuyo, mafuta n'kuyamba kupita ngati galimoto wamba. Pamapeto pake pamayaka nyali yochenjeza ndipo makaniko akalumikiza kompyuta kawirikawiri imatulutsa nambala iyi:

```
P0A80
```

Nambala imeneyi tanthauzo lake ndi lakuti batire lafooka likufunika kusinthidwa. Mkati mwake muli timabatire 20 tolumikizana, ndiye amakaniko ena amangosintha kamodzi kapena tiwiri tofookato pa mtengo wochepa, zimagwira ndithu koma nthawi zambiri kwa miyezi chabe chifukwa tinzake totsalato tili ndi zaka zomwezo. Pa tebulo ndaika K3 miliyoni ngati kuti mudzasintha lonse kamodzi. Mwina simudzasintha, koma kulisiya kunja kwa tebulo n'kudzinamiza, bola kuliika kenaka n'kuona kuti popanda ilo zikanakhala bwanji, tichita zimenezo pansipa. Mufunsenso za pampu ya mabuleki ya magetsi, pa Aqua zakale imadziwika kuti imavuta ndipo si yotchipa.

Mtengo wodzagulitsira, apa ndi pomwe kwacha imatipusitsa

Mzere uwu ndi wovuta kuposa yonse. Mudzamva munthu akunena kuti ine galimoto yanga ndinagula K5 miliyoni ndagulitsa K9 miliyoni, galimoto ku Malawi siitsika mtengo. Ayi, galimoto inatsika, chomwe chinatsika kwambiri ndi kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndiye K9 miliyoni yomwe walandirayo siingamugulirenso galimoto ya msinkhu womwe anagula poyamba paja. Manambala akwera koma mphamvu ya ndalamayo yachepa.

Ndiye lamulo lake ndi ili, tebulo lonse liwerengedwe pa mitengo ya lero, mzere uliwonse. Musayese kulosera kuti petulo adzakhala pa zingati chaka chachinayi, palibe amadziwa. Ndipo cholakwika chachikulu chomwe anthu amachita n'kusakaniza, mafuta n'kuwerengera pa mtengo wa lero koma wogulitsira n'kuika wa m'tsogolo wokwera kale, zikatero galimoto yodula imaoneka ngati yaulere. Kuti mupeze mtengo wodzagulitsira pa ndalama ya lero, yang'anani kuti galimoto yomweyo koma yakale ndi zaka 5, yomwe yayenda kale m'misewu yathu, ikugulitsidwa zingati lero. Mukugula ya 2017, fufuzani ya 2012 ya nambala yakale. Ndipo mutenge mtengo womwe anthu akugulitsira atanenerera, osati woyambira uja wolembedwa pa galasi. Ine ndaika K12 miliyoni kwa Vitz ndi K14 miliyoni kwa Aqua, Aqua ndaitsitsa kwambiri chifukwa wogula haibulidi yokalamba amayamba kufunsa za batire asanafunse china chilichonse.

Tebulo lake ndi ili

Manambala onse ali m'mamiliyoni a kwacha, zaka 5, makilomita 75,000.

| Chinthu | Vitz 1.0 | Aqua |
|---|---|---|
| Kugula mpaka pakhomo | 20.00 | 26.00 |
| Mafuta | 25.00 | 18.75 |
| Sevisi | 1.80 | 2.10 |
| Matayala | 1.00 | 1.20 |
| Inshuwalansi | 4.00 | 5.00 |
| COF ndi mapepala | 0.50 | 0.50 |
| Zokonzakonza | 2.50 | 2.20 |
| Batire lalikulu | 0 | 3.00 |
| Kugulitsa, iyi timachotsa | 12.00 | 14.00 |
| Mtengo wonse | 42.80 | 44.75 |

Pepala ndi bolopeni n'zokwanira, koma ngati mwalemba mu Excel kapena Google Sheets pa foni, mitu ili mzere woyamba ndipo Vitz ili mu B, mzere wotsiriza mulembe chonchi, kenaka musinthe B kukhala C pa Aqua:

```
=SUM(B2:B9)-B10
```

Ubwino wa kulemba mu foni n'woti mukasintha nambala imodzi zonse zimasintha zokha, ndipo tikufuna kusintha manambala angapo posachedwapa.

Ndiye tebulo likuti chiyani? Likuti kwa munthu woyenda makilomita 15,000 pa chaka Vitz yapambana ndi K1.95 miliyoni. Mukagawa ndi miyezi 60, Vitz ikudya pafupifupi K713,000 pa mwezi, Aqua K746,000. Pa kilomita ndi K571 ndi K597. Nambala ya pa mwezi ija muiyang'anitsitse muifanizire ndi malipiro anu, chifukwa nthawi zina tebulo limayankha funso lomwe simunafunse, loti kodi galimoto iliyonse mwa ziwirizi mungaikwanitse.

Koma kunena zoona kusiyana kwa K1.95 miliyoni pa ndalama zoposa K40 miliyoni n'kochepa, sikufika ndi 5 peresenti yomwe, ndipo manambala athu ambiri ndi ongoyerekeza. Kusiyana kukakhala kochepa chonchi musathamangire kunena kuti iyi yawina, nenani kuti zalingana ndipo muyambe kugwedeza tebulolo muone chomwe chingaligwetse.

Kugwedeza tebulo

Tiyambe ndi batire. Ngati mwapeza Aqua yomwe batire lake lili bwino n'kukupiririrani zaka zonse 5, chotsani K3 miliyoni ija, Aqua ikhala pa 41.75, yapambana ndi K1.05 miliyoni. Ndiye mukuona kuti mzere umodzi wokha ukutembenuza yankho, n'chifukwa chake ndalama yolipira munthu woyeza batire ndi kompyuta musanagule si yotaya, amatha kuona ngati timabatire tija tikusiyana mphamvu galimoto ikamakoka.

Kenaka mafuta. Galimoto ziwirizi zikusiyana ndi malita 1,250 pa zaka 5, ndiye petulo akakwera ndi K1,000 pa lita Aqua imayandikira ndi K1.25 miliyoni. Atafika pa K6,500 zinthu zina zonse zili pomwepo, ziwirizi zalingana pafupifupi ndendende. Mawu oti zinthu zina zili pomwepo ndi ofunika, chifukwa ngati mafuta akwera kaamba ka kugwa kwa kwacha, batire ndi masipeya nazo zimakwera limodzi poti zonse n'zochokera kunja.

Koma chachikulu kwambiri ndi mtunda, ndipo apa m'pamene magulu awiri aja akugwira ntchito. Tengani zoyendera makilomita zokha, mafuta, sevisi, matayala ndi zokonzakonza. Kwa Vitz zikukwana K30.3 miliyoni, kugawa ndi 75,000 ndi K404 pa kilomita. Kwa Aqua ndi K24.25 miliyoni, K323 pa kilomita. Ndiye kilomita iliyonse yomwe mwayenda Aqua ikukusungirani pafupifupi K81. Tsopano tengani zosayendera makilomita, kutsika mtengo, inshuwalansi, mapepala ndi batire, Vitz K12.5 miliyoni, Aqua K20.5 miliyoni. Aqua ikuyamba mpikisano ili kumbuyo ndi K8 miliyoni, ndipo ikubweza ngongole imeneyo ndi K81 pa kilomita. Gawani 8 miliyoni ndi 81, mupeza makilomita pafupifupi 99,000 pa zaka 5, kapena tingoti 20,000 pa chaka.

Nambala imeneyi ndiye yofunika kuposa mtengo wonse uja. Ngati mumayenda ochepera 20,000 pa chaka, pa manambala athuwa Vitz ndiyo yotchipa, mukapitirira pamenepo Aqua iyamba kukubwezerani. Wa takisi kapena woperekera katundu m'tauni woyenda 30,000 pa chaka, tebulo lake lituluka Vitz 73.1 ndi Aqua 69.0, Aqua patsogolo ndi K4.1 miliyoni. Pomwe bambo opuma pantchito oyenda 8,000 pa chaka, ongopita kumsika ndi kutchalitchi, akagula Aqua chifukwa chomva kuti siimwa mafuta ndiye kuti alipira ndalama zambiri kuti apulumutse zochepa, ndipo batire la haibulidi silikondanso kukhalitsa osagwira ntchito.

Ndiye musanachite china chilichonse dziwani mtunda wanu weniweni. Ngati muli ndi galimoto kale onani mayileji a pa risiti kapena kasitika ka sevisi yakale mufanizire ndi a lero. Ngati mulibe, yezani ulendo wa kuntchito pa mapu a mu foni, muchulukitse ndi masiku ogwira ntchito, muonjezere maulendo akumudzi, maliro ndi maukwati, kenaka muonjezerenso kena pamwamba chifukwa munthu akagula galimoto maulendo amachuluka, achibale nawo amadziwa.

Mtundu wa msewu nawonso uli ndi mbali yake. Haibulidi imapulumutsa kwambiri pomwe pali kuima ndi kunyamuka, mzere wa m'mawa polowa m'tauni mu Lilongwe kapena pa Chipembere Highway madzulo, injini imazima mota n'kumakoka yokha. Koma ngati makilomita anu ambiri ndi a M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, makilomita oposa 300 pa liwiro limodzi, injini ya petulo ndiyo ikugwira ntchito pafupifupi njira yonse ndipo Vitz nayo pa msewu wotere imamwa bwino kuposa m'tauni, ndiye K81 ija imachepa, malire a 20,000 aja n'kusunthira kutsogolo.

Ngati ndalamayo ndi ya ngongole

Tebulo lathu likuganiza kuti mwalipira ndi ndalama zanu. Koma tinene kuti muli ndi K20 miliyoni basi, ndipo kuti mufike pa Aqua mukufunika kukongola K6 miliyoni ku banki kapena ku SACCO. Tiyerekeze chiwongola dzanja cha 30 peresenti pa chaka, kubweza zaka 3. Pamwezi muzilipira pafupifupi K255,000, zonse pamodzi pafupifupi K9.2 miliyoni, kutanthauza kuti chiwongola dzanja chokha ndi K3.2 miliyoni. Imeneyo ndi mzere wina pa tebulo ku mbali ya Aqua yokha. K8 miliyoni ija yomwe Aqua inali kumbuyo nayo yafika pa K11.2 miliyoni, ndipo malire asuntha kuchoka pa 20,000 kufika pafupifupi 28,000 pa chaka. Mu tebulo muike chiwongola dzanja ndi zolipira potsegula ngongole zokha, osati ndalama yonse yobweza, chifukwa K6 miliyoni yeniyeniyo ili kale mu mtengo wogulira, mukaiikanso mwaiwerenga kawiri.

Ngakhale ndalamayo ili yanu, dzifunseni kuti K6 miliyoni ikanapanga chiyani ikanapanda kulowa mu galimoto. Kwa munthu wa geni yemwe ndalama imazungulira mwezi ndi mwezi, kuimangirira mu chitsulo zaka 5 kuli ndi mtengo wake, ngakhale palibe risiti yake.

Zomwe tebulo silingaone

Pali zinthu zina zovuta kuziika m'manambala ndipo ndi bwino kuzilemba pansi pa tebulo m'malo mozipangira manambala abodza. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, pomwe mukugona pa filingi siteshoni kapena akukupatsani malita owerengeka, lita iliyonse kuyenda makilomita 20 m'malo mwa 15 ndi nkhani yaikulu, malita 20 omwewo wina ayenda 400 wina 300. Mbali inayi, Vitz makaniko wa pa boma lililonse amaidziwa ndipo masipeya ake sasowa, pomwe Aqua ikayatsa nyali ya haibulidi muli kutali ndi mizinda ikuluikulu mwina mufunika kuikweza pa lole kuti ikafike kwa woidziwa, ndipo mawaya achikasu chofiirira aja a magetsi amphamvu si oti aliyense azigwiragwira. Vitz ya 1.0 ikadzaza anthu asanu pa chitunda imalira kwambiri, Aqua imakokako bwino. Zonse ziwiri ndi zotsika pansi, ngati kwanu ndi msewu wafumbi wokumbika nthawi ya dzinja mwina vuto si kusankha pakati pa ziwirizi.

Chomaliza ndi chakuti tebulo limakhulupirira kuti galimoto zonse ziwiri ndi zabwinobwino tsiku logula. Ngati mayileji anabwezedwa, kapena galimoto inachitapo ngozi n'kupentedwa bwino, mzere wa zokonzakonza ukhoza kuwirikiza kawiri ndipo K1.95 miliyoni tinkakanganirana ija n'kukhala yopanda tanthauzo. Pemphani pepala la ku okishoni la ku Japan ngati lilipo, fanizirani mayileji ndi kutha kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mapedo, ndipo pitani ndi makaniko wanu osati wa wogulitsa. Chilichonse chomwe wapeza kuti chikufunika kusinthidwa, kaya matayala otha kaya mashoka odontha, mtengo wake muuonjezere pa mzere woyamba wa galimoto imeneyo musanayambe kuphatikiza.